Ndinasiya kugula kaunjika ndi maso okha

Loweruka lina m'mwezi wa Meyi, kuzizira kutangoyamba kuno ku Blantyre, ndinatulutsa zovala zanga zonse m'wodirobu ndi m'masutikesi awiri apansi pa bedi n'kuziunjika pakama. Ndinkafuna kupeza zoti ndizivala kuntchito m'nyengo yachisanu. Muluwo unali waukulu ndithu, koma nditayamba kuika chovala china pambali pa chinzake ndinaona vuto langa. Ndinali ndi mabulauzi 14 a maluwamaluwa, iliyonse yokongola payokha, koma masiketi anga analinso a maluwa ndi mizeremizere. Siketi yamtundu umodzi inalipo imodzi yokha, yakuda, ndipo ndi imene ndinkaivala katatu pa mlungu mpaka inayamba kunyezimira kumbuyo. Panalinso jekete lofiira limene ndinali ndisanalivalepo chigulireni chifukwa mapewa ake ankandipitirira, jinzi ziwiri zosakwera m'chiuno, ndi diresi yomwe inali ndi banga m'khwapa lomwe ndinaliona nditafika kale kunyumba.

Zonsezi ndinazigula pa kaunjika, ndipo palibe amene anandikakamiza. Ndinkapita ku Limbe kapena ku Ndirande ndi ndalama m'chikwama koma popanda chimene ndikukafuna, ndiye chilichonse chimene chandikopa maso ndi kutsika mtengo ndinkanyamula. Nditawerengera ndalama za zovala zosavalidwazo mtima unandipweteka, chifukwa zikanatha kundigulira zovala zochepa koma zoti ndizivala tsiku ndi tsiku. Kuyambira tsiku limenelo ulendo wanga wa ku kaunjika umayambira kuchipinda, ndipo ndikufuna ndifotokoze mmene ndimachitira, makamaka mmene ndinapezera jekete limodzi lomwe landivalika zaka ziwiri tsopano.

Choyamba chimene ndinachita ndi kupatula zovala zimene ndimavaladi. Zinali zochepa: siketi yakuda ija, thalauza labuluu wakuda, madiresi awiri osoketsa a chitenje, mabulauzi anayi ndi nsapato ziwiri, zakuda ndi zakhofi. Nditaziyang'ana pamodzi ndinaona kuti mitundu imene imabwerezabwereza ndi yakuda, yabuluu wakuda, yoyera ndi yachikasu chakupsa chomwe chili m'zitenje zanga zonse ziwiri. Chimene chinkasowa chinaonekeratu. Ndinalibe chovala chapamwamba choti chigwirizane ndi zonsezi m'mawa wa chiperoni, ndipo ndinalibe siketi yachiwiri yopanda maluwa yoti mabulauzi ambiri aja apeze mnzake. Ndinalemba zinthu ziwirizo pakapepala: jekete labuluu wakuda kapena lotuwa, ndi siketi yotuwa kapena yakhofi yofika pansi pa mawondo. Ndinadziikira lamulo loti chovala chilichonse chimene ndikufuna kugula ndizitha kutchula zinthu zitatu za kunyumba zimene ndingachivalire. Ndikalephera kutchula zitatu, ndimachibwezera pamulu ngakhale chikongole bwanji.

Kenako ndinatenga tepi ya telala, ija ya mainchesi mbali ina ndi masentimita mbali inayo, yomwe imapezeka kwa ogulitsa ulusi ndi singano mumsika uliwonse. Sindinayeze thupi langa ayi. Ndinayeza zovala zimene zimandikhala bwino, nditaziyala patebulo, chifukwa kumsika chimene ndimakhala nacho m'manja ndi chovala choyala, osati galasi. Siketi yakuda inali mainchesi 16 m'chiuno kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndi mainchesi 21 pamene pamakhala matako. Bulauzi yondikwana bwino inali mainchesi 20 kuchoka m'khwapa kufika m'khwapa linalo. Jekete ndinalibe londikwana, ndiye ndinabwereka la mchemwali wanga lomwe limandikhala ngati langa, n'kuyeza kumsana kuchoka pamsoko wa phewa kufika pamsoko wa phewa linalo: mainchesi 15 ndi theka. Mkono wake unali mainchesi 23. Manambala amenewa ndinawalemba m'foni ndipo alimobe mpaka lero.

Ena amafunsa chifukwa chake sindingoyang'ana nambala yomwe yalembedwa pakolala. Vuto ndi loti m'belo limodzi mumakhala zovala zochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwakemwake. Chovala chachikazi chimene ku Britain amachilemba 14, ku America chimakhala cha m'ma 10, ndipo m'maiko ambiri a ku Ulaya chimakhala 42. Chilembo L pa chovala chosokedwera msika wa ku China kawirikawiri chimakhala chaching'ono kuposa L wa ku America. Kuwonjezera apo chovalacho chinavalidwapo ndi kuchapidwa, mwina chinatamuka kapena kubwerera. Tepi ndi imene imanena kukula kwa chovalacho mmene chilili lero. Njira imene ambirife tinaphunzira kwa amayi athu, yozunguliza chiuno cha siketi kapena thalauza pakhosi, imathandiza ukaiwala tepi, koma imangonena za m'chiuno basi. Jinzi ziwiri zija ndinaziyeza pakhosi ndipo zinakumana bwinobwino, koma pofika nazo kunyumba zinakanirira m'ntchafu.

Za nthawi yopitira kumsika ndinaziphunzira kwa mnyamata wina wogulitsa majekete, amene tsopano ndimagula kwa iye kawirikawiri. Anandifotokozera kuti belo amaligula lomanga, lolemera makilogalamu 45, ndipo chimene amadziwa ndi mtundu wake wokha, kuti ndi la majekete achikazi, koma zam'kati amaziona akadula zingwe. Belo lina limatuluka bwino, lina limabwera ndi zong'ambika zambiri. Ndalama yake yambiri imayenera kubwerera pa zovala zabwino zochepa zimene zimasankhidwa tsiku loyamba, n'chifukwa chake belo likangotsegulidwa mtengo umakhala wokwera ndipo sanenerera kwambiri. Pa nthawi imeneyo pamakhala anthu a mabutiki ndi ogulitsa pa WhatsApp, omwe amafika m'mamawa, kusankha zabwino, kukazichapa ndi kuzisita, kenako n'kutigulitsa ife tomwe pamtengo wowirikiza. Masiku akamapita mtengo umatsika, mpaka zotsalira zimathiridwa pansi pamtengo umodzi.

Choncho ndimasankha tsiku malinga ndi chimene ndikufuna. Jekete, thalauza lakuntchito kapena jinzi yabwino, izi ndimapita tsiku lotsegula belo ndipo ndimalolera kulipira zambiri. Masikipa ovala pakhomo ndi zovala za ana zosewerera ndimadikira mtengo ugwe. Kuti udziwe tsiku lotsegula palibe njira ina koma kufunsa wogulitsayo ndi kupatsana naye nambala. Chinanso chimene ndinaona ndi choti majuzi ndi majekete amakwera mtengo mu Meyi ndi Juni, pamene aliyense akuwafuna, koma mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo amangokhala pamahang'ala opanda owafunsa. Ulendo woyamba uja ndinagula m'nyengo yodula chifukwa chisanu chinali chitafika kale, koma juzi la mwana wanga la chaka chamawa ndimagula kukutentha, lokulirapo pang'ono.

Pa nkhani yonenerera ndinasinthanso maganizo. Kale ndinkaona ngati wogulitsa aliyense akundibera. Koma mabelowa amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inalumpha. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anafika pochita zionetsero mpaka ku Nyumba ya Malamulo podandaula za kukwera kwa mabelo. Ndimanenererabe, chifukwa ndi mmene msika umayendera ndipo mtengo woyamba umakhala ndi malo otsikira, koma sindinyoza katundu wa munthu kuti anditsitsire. Ngati pali chilema chenicheni ndimamuonetsa, n'kunena kuti telala adzafuna ndalama yake. Ndikagula ziwiri kapena zitatu pamalo amodzi ndimapempha mtengo wa zonse pamodzi, ndipo apa ndi pamene amatsitsa mosavuta. Wogulitsa amene umamulemekeza amayamba kukusungira zinthu, ndipo zimenezi zimaposa K500 imene ukanamukanikiza.

Tsiku limene ndinapita kukafuna jekete ndinanyamuka m'mawa, nditavala sikipa yopyapyala yothina kuti ndithe kuyesa chovala pamwamba pake. Ndalama ndinazigawa pawiri, zambiri m'kachikwama kam'kati, zochepa pafupi, chifukwa pamene anthu apanikizana pa belo latsopano opisa m'matumba sasowa. Belo litakhuthulidwa sindinayambe ndi kuyang'anitsitsa chimodzichimodzi. Ndinkangokoka chilichonse chabuluu wakuda kapena chotuwa n'kukoleka pamkono, chifukwa ukachedwa ndi chimodzi anzako amakhala akunyamula zinazo. Nditasonkhanitsa majekete asanu ndinapatuka pambali, poyera pamene pali dzuwa. Pansi pa malata kapena pulasitiki yabuluu ya m'mabenchi mtundu wa chovala umanama ndipo mabanga saoneka.

Awiri anagwa pa tepi pomwepo, lina mapewa 17, lina 14. Lachitatu linali londikwana ndipo linkanyezimira bwino, lachikopa chosakhala chenicheni. Nditapinda kolala yake ndinaona timing'alu ting'onoting'ono, ndipo nditakanda ndi chikhadabo kachidutswa kanasendeka. Chikopa chotere chikayamba kusendeka sichileka, chimathothoka chonse m'miyezi yochepa ndipo palibe telala angachikonze. Anatsala awiri, lotuwa ndi labuluu wakuda. Lotuwalo ndinalikonda kwambiri, nsalu yake yaubweya, yolemera bwino. Nditalitambasula moyang'anitsa kudzuwa ndinaona timabowo titatu kumsana, tating'ono ngati mutu wa machesi, tomwe ndi ntchito ya njenjete. Pamene pali timabowo titatu tooneka pamakhala pena pamene ulusi wadyedwa kale koma sunaduke, ndipo pamatseguka ukangochapa. Ndinalisiya ngakhale mtima unkalifuna.

Labuluu lija ndinaliyang'ana mwadongosolo limene ndimatsata pa chovala chilichonse tsopano. Ndinayamba ndi malo amene thupi limadya: m'kati mwa kolala, m'khwapa, m'zigongono ndi kumapeto kwa manja. Kolala inali yoyera, m'khwapa munalibe chikasu kapena kuuma kwa thukuta lakale, zigongono sizinkanyezimira. Kenako ndinalitembenuza kuti ndione nsalu yam'kati. Inali itasomoka pamsoko wa m'khwapa lamanja, kutalika ngati chala, koma nsaluyo payokha inali yolimba, kutanthauza kuti wangoduka ndi ulusi ndipo ndi ntchito ya mphindi zochepa pamakina. Ikanakhala kuti nsaluyo yayamba kuyoyoka m'mbali mwa msoko ndikanalisiya, chifukwa kusintha nsalu yonse yam'kati kumadula kuposa jekete lenilenilo. Ndinapisa m'matumba onse kuona ngati sanabooke. Batani limodzi mwa awiri akutsogolo linalibepo. Mapewa anali 15 ndi theka ndendende, koma manja anali 25, kupitirira ndi mainchesi awiri.

"Achimwene, ili ndi zingati?" ndinafunsa.

"Limenelo ndi loyamba, asisi, mwaliona nokha nsalu yake. K15,000."

Ndinamuonetsa posomoka paja, batani losowa ndi manja aatali, n'kumuuza kuti zonsezi ndikalipira kwa telala, choncho ndingamupatse K10,000 basi. Anayang'ana, anapukusa mutu pang'ono, kenako anati, "Chabwino, onjezerani pa teni paja kuti nanenso ndidyepo." Tinagwirizana K11,000. Siketi sindinaipeze tsiku limenelo. Panali mabulauzi okongola pabenchi yoyandikana nayo, otsika mtengo kwambiri, ndipo ndinaimapo ndithu, koma ndinakumbukira 14 aja ali pakama n'kupitirira.

Chifukwa chimene ndinalimbira mtima pa manja aatali koma n'kukana mapewa aakulu ndinachiphunzira kwa telala wanga, bambo wachikulire amene amasokera pakhonde la golosale pafupi ndi kwathu. Nditamupititsira jekete lofiira lija kuti alichepetse mapewa, analitembenuza kangapo n'kundibwezera. "Mayi, apa ndikudyerani ndalama pachabe," anatero. "Phewa ndiye mutu wa jekete. Kuti ndilichepetse ndiyenera kuchotsa mkono wonse, kudula, kubwezeranso, ndipo silidzakhala mmene analisokera eni ake. Mukamagula muzionetsetsa phewa, zinazo muzindisiyira ine." Kuchokera pamenepo ndimagawa zilema m'magulu awiri. Zimene telala amakonza mosavuta ndi kufupikitsa manja, miyendo ya thalauza kapena siketi, kuchepetsa m'chiuno ndi inchi imodzi kapena awiri, kusintha zipi, kuika mabatani ndi kubwereza msoko wosomoka. Zimene sindigula n'komwe ndi chovala chothina, chifukwa zovala zambiri za masiku ano sasiya nsalu yokwanira m'misoko yoti n'kukulitsira, ndiponso chovala chimene nsalu yake yatha.

Kutha kwa nsalu kumabisala kwambiri pa jinzi ndi mathalauza. Malo oyamba kuyang'ana ndi pakati pa miyendo, pamene ntchafu zimakhulana. Ndimalowetsa dzanja m'kati n'kuyang'anitsa kudzuwa, ndipo ngati kuwala kukudutsa kapena ndikuona zala zanga, thalauzalo latsala ndi milungu yowerengeka. Jinzi zotamuka zili ndi vuto lakelake. M'nsalu yake muli timaulusi ta lasitiki tomwe timafa ndi ukalamba komanso kutentha. Zizindikiro zake ndi makwinya ngati mafunde pafupi ndi zipi kapena m'ntchafu, mawondo otukuka, ndipo nthawi zina timaulusi toyera totuluka pansalu. Ndimakoka nsaluyo ndi manja awiri n'kuisiya. Ikabwerera msanga ili moyo, ikatsala yotamuka ndiye kuti idzakhala ikugwa m'chiuno ukangoivala ola limodzi. Chimodzimodzi lasitiki wa m'chiuno mwa siketi, ukamukoka n'kumva kuthetheka ndiye kuti wauma, ngakhale ameneyu telala amatha kusintha ngati ali wolowetsa m'mpendero.

Mabanga nawo ndinaphunzira kuwasiyanitsa nditataya ndalama pa diresi ija. Dothi, fumbi ndi zodetsedwa za m'belo zimachoka. Chikasu cha m'khwapa, inki yakale, dzimbiri ndi timadontho takuda ta chuku nthawi zambiri sizichoka, chifukwa chovalacho chinachapidwa ndi kuumitsidwa kambirimbiri bangalo lili pomwepo. Malo otuwa pa chovala chakuda, pamene panadontha jiki, si banga n'komwe, ndi utoto umene unachoka ndipo sopo sangaubweze. Wogulitsa akandiuza kuti zichoka pochapa sindikangana naye, koma ndimadzifunsa ngati ndingachivale bangalo litakhalapobe. Yankho likakhala ayi, ndimasiya.

Kachikwangwani kam'kati, kamene kamasokeredwa pamsoko wa m'mbali chakumunsi, ndimakawerenga nthawi zonse ndisanalipire. Kamanena nsalu yake ndi kachapidwe kake. Kwa nyengo yathu yotentha thonje ndi bafuta zimapuma bwino, pamene poliyesitala yokhayokha imasunga thukuta ndi fungo ukakwera minibasi masana a Okutobala. Visikosi imagwa bwino pathupi koma imakonda kubwerera ikachapidwa, ndiye ya mtundu umenewu sindigula yongokwana ndendende. Zizindikiro zake n'zosavuta ukazizolowera. Kabeseni kali ndi madzi ndi kuchapa, ndipo nambala ili m'katimo ndi kutentha kwa madzi kosayenera kupitirira. Kabeseni kodulidwa ndi mtanda ndiye kuti chovalacho sachapa m'madzi. Kasimbi kali ndi kadontho kamodzi kakutanthauza moto wochepa, timadontho titatu moto wambiri. Jekete langa linalembedwa kuti ndi poliyesitala yosakaniza ndi visikosi, ndipo kabeseni kake kanali ndi 30. Izi zinandisangalatsa chifukwa ndikanatha kulichapa ndekha. Jekete laubweya lofuna kuchapitsa kumakina a m'tauni limakhala ngongole ya mwezi ndi mwezi, ndipo ukaliviika m'madzi otentha limafota n'kulimba ngati chipewa.

Chovala cha kaunjika sichilowa m'wodirobu yanga chisanachapidwe, ndipo ndimachapa ndisanapite nacho kwa telala, kuti ngati n'chobwerera chibwereretu asanadule. Fungo lija la m'belo, lomwe aliyense amalizindikira ukamudutsa, limachoka ndi zinthu zitatu: kuviika m'madzi a sopo waufa kwa mphindi 30, kuthira theka la kapu ya viniga woyera m'madzi otsukuluzira omaliza, ndi kuyanika pamphepo tsiku lonse. Likakanirira ndimabwereza kachiwiri m'malo mothira mafuta onunkhira, omwe amangosakanikirana nalo. Zakuda ndi zabuluu ndimayanika motembenuza ndi pamthunzi kuti zisasuluke. Ndisanaviike chovala chamtundu wowala pamodzi ndi zina, ndimanyowetsa kansalu koyera n'kupukuta pamsoko wam'kati. Kakatenga mtundu, chovalacho chimachapidwa chokha. Anthu amati mchere umaletsa kuchucha kwa utoto, koma ine ndinayesa pa siketi yofiira ndipo inachuchabe n'kundiwonongera bulauzi yoyera, choncho ndimangodalira kupatula.

Kusita sindikuphonya, makamaka nthawi ya mvula ndi mango, chifukwa cha ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi zake n'kulowa pakhungu. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, ndipo pa zovala za ana ndimasita mpaka m'misoko ndi m'chiuno. Jekete lakuda kapena labuluu ndimalisita nditayala kansalu konyowa ka thonje pamwamba pake. Simbi ikakhudza nsalu yotere mwachindunji, makamaka yamakala yomwe moto wake suyezeka, imasiya kunyezimira komwe sikuchokanso. Zovala zam'kati zokha ndiye sindigula pa kaunjika, ndimalolera kugula zatsopano zochepa.

Jekete litauma ndinapita nalo kwa bambo aja nditavala bulauzi imene ndidzalivalire kawirikawiri, kuti ayeze manja ali pathupi. Anapinda mpaka pafupa la padzanja, n'kubaya mapini. Kumapeto kwa manja kunali timabatani titatu tongokongoletsa, topanda mabowo enieni, ndiye anangotichotsa n'kutisokereranso m'mwamba. Akanakhala mabowo enieni odulidwa pansalu, mainchesi awiri sakanatheka kuchotsa bwino, ndipo ichi ndi chinthu china chimene ndimayang'ana tsopano ndisanagule jekete la manja aatali. Batani lofanana ndi lotsalalo silinapezeke, choncho tinachotsa lomwe linalipo n'kuika awiri atsopano akhofi wakuda, omwe anagwirizana ndi nsapato zanga zakhofi. Ntchito yonse pamodzi ndi mabatani inakwana K3,500. Jekete linandidyera K14,500, ndipo umu ndi mmene ndimawerengera mtengo wa chovala cha kaunjika, kuphatikiza telala, osati ndalama yoperekedwa pabenchi yokha.

Madzulo ake ndinatseka chitseko n'kuyesa jeketelo ndi chovala chilichonse chimene ndinapatula chija. Ndi siketi yakuda ndi bulauzi yoyera linakhala la kuntchito. Ndi thalauza labuluu wakuda silinagwirizane, ndipo apa ndinaphunzirapo kanthu: mitundu iwiri yabuluu yoyandikana koma yosafanana imaoneka ngati munthu wayesa kupanga suti n'kulephera. Ndi bwino zisiyaniretu, jekete labuluu ndi thalauza lotuwa kapena lakhofi. Chimene chinandidabwitsa ndi madiresi a chitenje. Ndinkaganiza kuti jekete lachizungu silingakhale pa chitenje, koma chifukwa ndi lamtundu umodzi ndipo limathera m'chiuno, linangoziziritsa maluwa aja n'kusiya chikasu chija chikuoneka bwino. Ndi mmene ndimapitira kutchalitchi mu Juni ndi Julayi. Mabulauzi asanu ndi limodzi mwa 14 aja, omwe ankangokhala, anayamba kuvalidwa chifukwa tsopano maluwa ake amaonekera pachifuwa pokha, pakati pa jekete ndi siketi zopanda maluwa.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti chovala cha maluwa chimafuna mnzake wachete. Ife timakonda zowala, ndipo zitenje zathu zili kale ndi mitundu yambiri, choncho chimene ambirife timasowa m'wodirobu si chovala china chokongola koma zovala zamtundu umodzi zoti zinyamule zokongolazo. Pa mulu wa kaunjika zimenezi ndi zomwe maso amazidumpha, chifukwa siketi yotuwa yokwinyika siitana munthu. Ndimayang'ananso kutalika. Jekete lalifupi limafuna siketi kapena thalauza lokwera m'chiuno, apo ayi pakati pamatsala mpata. Bulauzi yaitali yotaya imakhala bwino pa thalauza lowongoka kusiyana ndi pa siketi yotambalala. N'chifukwa chake m'foni mwanga muli zithunzi za zovala zanga zazikulu, zojambulidwa panja masana, ndipo ndikakayikira mtundu ndimanyamula kachidutswa ka chitenje kotsala kwa telala n'kukakagunditsa pa chovalacho kumsika komweko.

Mabulauzi asanu ndi atatu otsalawo ndinagawira achemwali anga ndi atsikana a kumudzi, jekete lofiira ndinapatsa mnzanga wa mapewa aakulu, ndipo limamukhala bwino kwambiri. Jinzi ziwiri zija telala anazidula n'kusokera mwana wanga kabudula ndi kachikwama ka mabuku.

Siketi inatenga miyezi iwiri. Ndinapita kumsika maulendo atatu n'kubwerako chimanjamanja, ulendo wina nditapeza yotuwa yabwino koma m'chiuno 15, inchi imodzi kuchepera, ndipo msoko wake unalibe chokulitsira. Ulendo wachinayi mnyamata wa majekete uja anandiona ndikudutsa n'kundiitana. "Asisi, mlongo wanga watsegula la masiketi dzulo, ndamuuza akusungireni ziwiri zopanda maluwa." Imodzi inali yakhofi, m'chiuno 17, m'matako 21, zipi yake yoyenda bwino, nsalu yochindikala yosaonetsa kuwala. Ndisanafunse mtengo ndinatchula mumtima: jekete labuluu, bulauzi yoyera, bulauzi ya maluwa achikasu, nsapato zakhofi. Zinakwana zinayi. Inchi ya m'chiuno ija bambo aja anaichotsa kumsoko wakumbuyo tsiku lomwelo, ine nditakhala pabenchi pawo ndikudikira.